Mafunso ndi mayankho: kupanga nyimbo yodekha yosinkhasinkhira, yopanda ng'oma, ndi pulogalamu ya AI

Mapulogalamu opeka nyimbo monga Suno, Udio, Stable Audio ndi MusicGen anazolowera nyimbo zimene anthu ambiri amamvera: zokhala ndi kugunda, zoyamba pansi n'kukwera, zofika pachimake. Nyimbo yosinkhasinkhira ilibe zonsezo. Ndiye ntchito yaikulu ili pa kuiletsa pulogalamu kuchita zimene inazolowera. Mayankho ali m'munsiwa akutsata ntchito imodzi: nyimbo ya mphindi pafupifupi 20, yokhazikika pa noti ya D, yopanda ng'oma, yosintha mosaonekera.

Kodi `drone` imene imatchulidwa m'malangizo olembera pulogalamu n'chiyani?

Ndi liwu limodzi, kapena manoti awiri atatu, olira mosaduka kwa nthawi yaitali. Taganizirani munthu atagwira noti imodzi pa ogani osaisiya, kapena uta ukukokedwa pang'onopang'ono pa chingwe cha chelo. Chimene chimalipatsa moyo liwu lotere si kusintha kwa manoti ayi, koma kusintha kwa maonekedwe ake m'khutu: tsopano lafewa, pakapita kanthawi lawala pang'ono, kenako labwerera.

Musalembe liwu lakuti `drone` lokha. Mapulogalamu amene amapanganso maphokoso a zinthu angakupatseni kulira kwa kandege kosayendetsedwa ndi munthu, chifukwa dzina ndi lomwelo. Ena angakupatseni gitala waukali wolilima, poti palinso mtundu wa nyimbo zaukali wodziwika ndi dzina limeneli. Lembani `ambient drone` kapena `sustained tonal drone`, ndipo mutchule chipangizo chimene chikulira.

Ndalemba kuti `no drums`, koma ng'oma zabwerabe. Chavuta n'chiyani?

Funso limeneli ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo yankho lake likuthandizani pa zina zonse.

Mapulogalamuwa anaphunzira pomva nyimbo zambirimbiri, iliyonse ili ndi mawu oifotokoza. Mawu ofotokozawo amatchula zimene zili m'nyimbo, osati zimene mulibe. Munthu akamafotokoza nyimbo ya chelo amalemba kuti muli chelo. Sayamba kundandalika kuti mulibe malipenga, mulibe ng'oma, mulibe woimba. Choncho pulogalamu inagwira mwamphamvu kuti liwu lakuti `drums` limayenda ndi kulira kwa ng'oma, pamene kaliwu kakang'ono kakuti `no` sikanapeze mphamvu yofanana. Mukalemba `no drums, no percussion, no beat` mwatchula zinthu zogunda katatu m'chiganizo chimodzi, ndipo pulogalamu ina imangomva katatu komweko. Si nthawi zonse: mapulogalamu ena amamva kukana bwinoko. Koma si chinthu chodalira.

Njira zake ndi ziwiri, ndipo ndi bwino kuzigwiritsa ntchito pamodzi. Yoyamba, ngati pulogalamu ili ndi bokosi lapadera la zosafunika, ng'omazo zilembeni mmenemo. Mu Suno bokosilo limatchedwa `Exclude styles`. M'mapulogalamu ena ndi `negative prompt`. Mmenemo mulembe mayina okha, popanda `no` kutsogolo kwake:

```
drums, percussion, beat, arpeggio, vocals
```

Bokosi limeneli limagwira ntchito mosiyana ndi bokosi lalikulu lolembamo malangizo: pulogalamu imatenga zimene mwalembamo ngati mbali yoti iitalikire pamene ikuumba nyimbo.

Yachiwiri, m'bokosi lalikulu fotokozani nyimbo imene ng'oma sizingapezemo malo. Mawu ngati `beatless`, `free time`, `sustained`, `slow attack` ndi `long release` amatchula chinthu chimene chilipo, ndipo amayenda ndi nyimbo zopanda kugunda. `slow attack` akutanthauza kuti liwu limalowa mofufuma, silimenya poyambira. Ng'oma ndi liwu lomenya poyambira basi, ndiye mawu awiriwa amaitsekera khomo kuposa kuikana maulendo asanu.

Sindinatchule ng'oma n'komwe. Zachokera kuti?

Zabwera ndi mawu ena amene mumawaona ngati odekha. `chill`, `chillout`, `lo-fi` ndi `downtempo` ndi mayina a nyimbo zofatsa koma zokhala ndi ng'oma pafupifupi nthawi zonse. `cinematic` ndi `epic` amabweretsa kukwera kwa mphamvu, kumene kumathera pa ng'oma zazikulu. `uplifting`, `journey` ndi `building` amauza pulogalamu kuti pali kumene nyimbo ikupita, ndipo njira yake yosavuta yosonyezera ulendo ndi kulowetsa kugunda chapakati.

Chobisika kwambiri ndi nambala ya liwiro. Anthu ambiri amalemba `60 BPM` poganiza kuti akupempha nyimbo yochedwa. Koma nambalayo imawerenga kugunda pa mphindi imodzi, ndiye mwapempha kugunda 60, kamodzi pa sekondi iliyonse. Pulogalamu ipeza choti chigunde. Pa nyimbo ya mtundu uwu, nambala ya liwiro isiyeni.

Tandionetsani malangizo oipa ndi mmene mungawakonzere.

Nawa malangizo amene munthu woyamba kumene amalemba:

```
Relaxing chill meditation music, 60 BPM, piano, bells,
no drums, cinematic, slowly building
```

Chimene chimatuluka kawirikawiri ndi piyano yobwereza manoti anayi, belu lolira pa nthawi zofanana, ndipo ikakwana mphindi imodzi kapena kuposerapo, ng'oma yofewa imalowa. Liwu lililonse m'malangizowa lathandizira: `chill` ndi `60 BPM` aika kugunda, piyano ndi belu ndi zipangizo zomenya zimene liwu lake limazilala msanga ndipo ziyenera kumenyedwanso, pamene `cinematic` ndi `building` apempha chimake.

Okonzedwa ndi awa:

```
Beatless ambient drone in D, root and fifth only,
bowed cello and soft analog pad, slow attack, long release,
static harmony, warm, steady volume, large reverb
```

Mtundu wa nyimbo uli poyambirira, chifukwa ndi umene uyenera kulamulira zotsatira. Zipangizo ndi ziwiri zokha, ndipo zonse zimatha kulira mosaduka: chelo chokokedwa ndi uta, ndi liwu lofewa la kiyibodi. Mukatchula zipangizo zisanu, pulogalamu imazipatsa mpata wolowa chimodzichimodzi, ndipo kulowa kulikonse kumadzidzimutsa khutu. `static harmony` akuletsa manoti kuyendayenda. `steady volume` akuletsa kukwera. Onani kuti liwu lakuti `meditation` lachoka. Silolakwika, koma limakonda kukoka chitoliro, mabelu ndi madzi oyenda, zinthu zimene zimadzaza nyimbo zambiri zolembedwa dzina limenelo. Ngati mukufuna liwu losaduka lokha, mupeza bwino osalitchula.

Ngati pulogalamu ili ndi batani la `Instrumental`, liyatseni, ndipo bokosi la mawu a nyimbo likhale lopanda kanthu.

Ndingalembe malangizowa m'Chichewa?

Mawu ofotokoza nyimbo amene mapulogalamuwa anaphunzirira ambiri ndi a Chingerezi. Ganizani m'Chichewa chimene mukufuna, koma m'bokosi lembani mawu achidule a Chingerezi ngati ali pamwambawa. Sipafunika chiganizo chathunthu. Mawu olekanitsidwa ndi chizindikiro cha mpatuliro akwanira.

Ng'oma mulibe, koma ndikumvabe chinachake chikugunda. N'chiyani?

Kugunda kumabwera m'njira zina zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Nthawi zina ndi manoti obwerezedwa mofulumira pansi pa liwu lalikulu, ngati madontho. Amenewa ndi `arpeggio`, ndipo dzina lake lilowe m'bokosi la zosafunika. Nthawi zina ndi voliyumu imene ikukwera ndi kutsika mofananafanana, wa-wa-wa. Onjezani `tremolo` ndi `pulsing` m'bokosi lomwelo. Ngati munalemba `delay` kapena `echo`, chotsani, chifukwa amabwereza liwu pa mipata yofanana. `reverb` ndiye amamwaza liwu popanda kulibwereza.

Njira yachitatu ndi yochititsa chidwi, ndipo simungaithetse ndi kuletsa kokha. Manoti awiri akayandikana kwambiri koma osafanana ndendende, amalimbana, ndipo khutu limamva voliyumu ikugunda. Liwiro la kugundako ndi kusiyana kwa manambala awo a Hz, amene amawerenga kunjenjemera kwa liwu pa sekondi imodzi. Liwu la 220 Hz likalira pamodzi ndi la 223 Hz, mumva kugunda katatu pa sekondi, ndipo kumeneko kumasautsa. Koma 220 Hz ndi 220.1 Hz amafufuma kamodzi pa masekondi 10, molingana ndi munthu amene akupuma kasanu ndi kamodzi pa mphindi. Kufufuma kotereku ndi kumene kumapangitsa liwu losaduka kumveka ngati lamoyo. Choncho musataye nyimbo chifukwa chakuti ikufufuma; werengani. Ngati funde limodzi likutenga masekondi 6 kapena kuposerapo, isungeni. Ngati mutha kugwedeza phazi motsatira, ndiye kuti ndi kugunda.

Mungathenso kuona ndi maso. Tsekulani fayiloyo mu Audacity, pulogalamu yaulere yokonzera mawu. Liwu losaduka labwino limaoneka ngati lamba wosalala wotupa pang'onopang'ono. Mukaona minga yoima pa mipata yofanana, muli chomenya.

Ndingaiuze bwanji pulogalamu kuti nyimbo izisintha pang'onopang'ono?

Apa mpofunika kunena mosabisa: malangizo okha sakwanitsa zambiri. Pulogalamu imayeza kuchedwa molingana ndi kutalika kwa chidutswa chimene ikupanga. MusicGen, imene Meta inatulutsa mu 2023, inaphunzira pa zidutswa za masekondi 30. Stable Audio Open ya 2024 imafika masekondi 47, pamene Stable Audio 2.0 ya chaka chomwecho imafika mphindi zitatu. Mukapempha `slowly evolving` pa chidutswa cha mphindi zitatu, pulogalamu ikhoza kusintha zinthu kanayi kapena kasanu, poti kwa iyo kumeneko n'kuchedwa kale. Munthu amene watseka maso kwa mphindi 20 amafuna kusintha kumodzi kotenga mphindi zinayi kapena zisanu.

Chimene malangizo angachite ndi kutchula chinthu chimodzi chololedwa kusintha, zina zonse n'kuzimanga. Mwachitsanzo:

```
same notes throughout, only the tone slowly brightens
```

Apa manoti aima, voliyumu yaima, kuwala kwa liwu kokha ndiko kukuyenda. Kulemba nthawi yeniyeni, monga kuti pa sekondi ya 90 chelo chilowe, mapulogalamu ambiri sakutsata.

Kuti mudziwe ngati kusintha kwachedwa mokwanira, yesani kawiri. Mverani mwachizolowezi: simuyenera kutha kuloza sekondi imene chinthu chinasintha. Kenako dumphani, mumvere masekondi 5 koyambirira, 5 pakati ndi 5 kumapeto: muyenera kumva kusiyana. Ngati mukuloza sekondi, kusintha kwafulumira. Ngati malo atatuwo akufanana ndendende, nyimboyo yauma, ndipo itopetsa ngati kulira kwa firiji.

Ndiye mphindi 20 ndizipeza bwanji?

Batani lotalikitsira nyimbo, monga `Extend`, limakopa, koma ndi pamene ng'oma zimakonda kulowera. Potalikitsa, pulogalamu imayang'ana mbali ya zimene zapita n'kuganiza chotsatira, ndipo m'nyimbo zambiri zimene inamva, chotsatira cha chiyambi chachete ndi kugunda. Mukatalikitsa kangapo, noti imathanso kusuntha ndipo liwu limayamba kuwonongeka. Njira yodalirika ndi kupanga zidutswa zochepa n'kuzilumikiza nokha.

Pangani zidutswa zitatu za mphindi zitatu ndi malangizo okonzedwa aja, mukusintha mawu amodzi okha pa chilichonse. Chidutswa A chikhale ndi `warm`, B chikhale ndi `airy`, C chikhale ndi `soft shimmer`. Dulani masekondi 15 koyambirira ndi 15 kumapeto kwa chilichonse, chifukwa pamenepo ndi pamene pulogalamu imaika malonje ndi kutsanzika. Mwatsala ndi masekondi 150 pa chidutswa.

Tsopano chepetsani liwiro ndi theka. Mu Audacity ndi `Change Speed and Pitch`, nambala yake 0.5. Amene amagwiritsa ntchito ffmpeg, pulogalamu yosinthira mafayilo a mawu polemba malamulo, pa fayilo ya 44100 Hz alembe:

```
ffmpeg -i a.wav -af "asetrate=22050,aresample=44100" a2.wav
```

Sitepe imeneyi imachita zinthu zitatu nthawi imodzi. Chidutswa chimatalika kukhala masekondi 300. Kusintha kulikonse ndi kufufuma kulikonse kumachedwa kawiri. Ndipo manoti onse amatsika ndi okitevu imodzi: D ya 146.8 Hz imakhala D ya 73.4 Hz, noti yomweyo koma yakuya. Chifukwa cha zimenezi, musapemphe `deep` kapena `sub bass` popanga zidutswazo; kuya kubwera kokha, ndipo chidutswa chimene chinali chakuya kale chimasanduka kulilima kosamveka noti.

Sanjani motere: A, B, C, B, A. Zidutswa zisanu za masekondi 300 ndi masekondi 1500. Chilichonse chilowerane ndi chinzake kwa masekondi 30. Malo olowerana ndi anayi, ndiye tichotsa 120, kutsala 1380, kumene ndi mphindi 23. Nyimboyo imachoka pa liwu lofunda, kuwala pang'onopang'ono mpaka pakati, n'kubwerera kumene inachokera, ndipo sitepe iliyonse yatenga mphindi zinayi ndi theka.

Ngati pulogalamu yanu imangopanga masekondi 30 kapena 47, mu Audacity muli `Paulstretch`, imene imatalikitsa mawu popanda kutsitsa noti. Ndi `Stretch Factor` ya 10, masekondi 30 amakhala mphindi zisanu. Imamwaza chilichonse chomenya n'kuchisandutsa nkhungu ya mawu, koma imachotsanso kukanda kwa uta pa chingwe, ndiye chelo sichimvekanso ngati chelo.

Polumikizira pakumveka. Ndalakwitsa pati?

Ngati voliyumu ikugwa pakati pa malo olowerana, vuto ndi mzere wa kulowerana. China chikamatsika mowongoka china chikukwera mowongoka, pakatipo mphamvu imaperewera pafupifupi 3 dB, muyeso wa voliyumu, pa mawu awiri osiyana. Mu `Crossfade Tracks` ya Audacity sankhani `Constant Power 1`. Mu ffmpeg:

```
ffmpeg -i a2.wav -i b2.wav -filter_complex "acrossfade=d=30:c1=qsin:c2=qsin" ab.wav
```

Ngati pamalopo pakumveka kunjenjemera, ndiye kuti zidutswazo sizili pa noti imodzi, ngakhale malangizo onse anati D. Mapulogalamuwa salonjeza kiyi. Tsekulani `Plot Spectrum` pa chidutswa chilichonse n'kuona nsonga yaitali yoyamba. Ngati A ili pa 73.4 Hz pamene B ili pa 75 Hz, polowerana mumva kugunda kopitirira kamodzi pa sekondi. Konzani B ndi `Change Pitch` mpaka nambala zifanane. Ngati B yapita kutali, kuposa manoti awiri, ndi bwino kupanga ina kusiyana ndi kuikoka.

Nyimbo yatuluka yoopsa, ngati ya mufilimu ya mizukwa. Bwanji?

Liwu losaduka lili pafupi kwambiri ndi mantha, ndipo mawu ngati `dark`, `deep space`, `mysterious` kapena `haunting` amalikankhira komweko. Koma kawirikawiri gwero ndi manoti. Awiri oyandikana ngati D ndi E♭ akalira pamodzi kwa nthawi yaitali amamanga thupi. N'chifukwa chake malangizo aja anati `root and fifth only`, kutanthauza manoti a D ndi A. Manambala a manoti awiriwa ali pafupifupi 2 kwa 3, ndipo khutu limawamva ngati chinthu chimodzi chokhazikika, chosasangalala komanso chosalira. Noti yapakati ndi imene imasankha mtima: F♯ imabweretsa chimwemwe chotsekemera, F imabweretsa chisoni. Ngati D ndi A zokha zikumveka zopanda kanthu, onjezani E yapamwamba polemba `sus2`. Imatsekula mpata popanda kusankha mbali.

Nanga 432 Hz kapena 528 Hz, ndilembe?

Mukhoza kulemba, koma pulogalamu imatenga nambalayo ngati dzina la mtundu wa nyimbo, osati ngati muyeso. Mukayeza chimene chatuluka mupeza kawirikawiri kuti chili pa muyeso wa masiku onse, pamene A ndi 440 Hz. Ngati mukufunadi 432, tsitsani nyimbo yonse ndi 1.82 peresenti mu `Change Pitch`. Zoti nambala zimenezi zimachiritsa zilibe umboni wolimba.

Ndikufuna mbalame, mvula kapena mawu a anthu pang'ono. Ndiziike m'malangizo omwewo?

Ayi, zipangeni padera n'kuziika pa mzere wachiwiri mu Audacity. Zikasakanizidwa kale simungatsitse mbalame imene yalira mokweza pa mphindi ya 12, ndipo mukachepetsa liwiro ndi theka, kulira kwa mbalame kumasanduka chinthu chachilendo. Mvula ikhale ya `steady soft rain`. Madontho ogwa limodzilimodzi ndi ng'oma yaing'ono. Poyambira, iikeni 15 dB kapena 20 dB pansi pa liwu lalikulu.

Mawu a anthu ndi ovuta kwambiri. `choir` ndi `chant` amakonda kutulutsa timawu tosamveka tanthauzo, ndipo khutu la munthu likangomva chofanana ndi chilankhulo limayamba kufufuza kuti akuti chiyani. Ngati mukufuna kufunda kwa mawu a anthu, yesani `wordless vowel pad`, ndipo mumvere chidutswa chonse musanachivomereze.

Pa mahedifoni ikumveka bwino, koma pa foni siikumveka. Nditani?

Sipika ya foni siitha kutulutsa 73 Hz. Imayamba kumveka bwino pa mahandiredi angapo a Hz. Ngati liwu lanu ndi losalala kwambiri, lopanda manoti ang'onoang'ono apamwamba amene amatsagana ndi noti yaikulu, pa foni patsala mpweya wokha. Apa ndi pamene chelo chimathandiza: uta umatulutsa manoti otsaganawo pa 147, 220, 294 Hz ndi kupitirira, ndipo khutu likawamva limadzazamo lokha noti yapansi imene sipika yalephera. Ngati zikuvutabe, ikani chidutswa choyambirira, chosachepetsedwa liwiro, pamwamba pa chochedwacho motsitsa voliyumu. Manoti agwirizana chifukwa asiyana ndi okitevu yeniyeni. Pa masipika akuluakulu vuto limakhala losiyana, kulilima kogwedeza mawindo. `High-Pass Filter` pa 40 Hz imachotsa kumeneko osakhudza D yanu.

Ndiyese kangati ndisanasinthe malangizo?

Kanayi. Malangizo amodzimodzi amatulutsa zosiyana nthawi iliyonse, ndiye chidutswa chimodzi sichikuuzani kanthu. Ngati zitatu mwa zinayi zili ndi vuto lofanana, vuto lili m'mawu anu. Ngati ndi chimodzi, ndi tsoka chabe. Sinthani liwu limodzi pa nthawi, apo ayi simudziwa limene lathandiza. Pamene pali bokosi la `seed`, nambala imene pulogalamu imayambirapo popeka, sungani nambala yomweyo poyerekeza, kuti kusiyana kumene mukumva kuchokere ku mawu amene mwasintha.

Ndiyambe ndi kumaliza bwanji fayilo yomaliza?

Kulowa kutenge masekondi 20 mpaka 30, kutuluka kutenge 60 mpaka 90. Khutu limene lazolowera liwu kwa mphindi 20 limamva kuduka kwake ngati kumenya kwa chitseko. Ngati cholinga ndi kubwereza nyimbo mosalekeza, musaike kulowa ndi kutuluka. M'malo mwake lowetsani mapeto a A yomaliza m'chiyambi cha A yoyamba, ndipo musunge fayilo ngati WAV kapena FLAC. MP3 imaonjezera kachete kakang'ono kwambiri koyambirira ndi kumapeto, ndipo pa liwu losaduka kameneko kamamveka ngati kuthethetsa nthawi iliyonse nyimbo ikayambiranso.